Kafukufuku wa namwino m'mawu 250

Namwino akamaliza kafukufuku amakhala ndi chikalata chochindikala: mitu isanu kapena isanu ndi umodzi, matebulo a manambala, mafunso omwe ankafunsa anthu, kalata ya chilolezo. Koma akafuna kukafotokoza zomwe wapeza pamsonkhano wa akatswiri, okonza msonkhanowo sapempha chikalata chonsecho. Amapempha chidule chake, chomwe m'makalasi ndi m'mawodi amachitchula kuti abusitirakiti. Nthawi zambiri malire ake amakhala mawu 250 kapena 300. Pa mawu ochepawo ndi pomwe zimadziwika ngati mwini kafukufuku apatsidwe mphindi zoyankhula pamaso pa anthu, apatsidwe malo opachika posita, kapena angolandira imelo yopepesa.

Misonkhano yotere si yosowa. Kuno kwathu sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imachititsa msonkhano wofalitsa zotsatira za kafukufuku. Kunja kuli bungwe la anamwino a m'maiko onse la International Council of Nurses, lomwe likulu lake lili ku Geneva: msonkhano wake wa 2023 udachitikira ku Montreal, wa 2025 ku Helsinki. Konseko khomo ndi limodzi, chidule.

Choyamba kudziwa ndi munthu amene adzachiwerenge. Kawirikawiri amakhala mphunzitsi kapena namwino wamkulu amene wangodzipereka, ndipo amapatsidwa zidule zambiri kuti awerenge ataweruka kuntchito yake. Ali ndi pepala lopatsira malikisi: kodi funso likumveka, njira yake ndi yoyenera, zotsatira zilipo, mawu omaliza akugwirizana ndi zotsatirazo? Chikalata chanu chachikulu sadachione ndipo sadzachiona. Sangakuimbireni foni kuti, "Asisitala, apapa mumatanthauza chiyani?" M'misonkhano yambiri ngakhale dzina lanu saliona, chifukwa limabisidwa dala kuti pasakhale kukondera. Chomwe sichidalembedwe m'mawu 250 aja, kwa iye sichidachitike.

Magawo anayi, ulusi umodzi

Fomu ya pa intaneti ya misonkhano yambiri ili ndi mabokosi anayi olembedwa kuti Background, Methods, Results ndi Conclusion. Mwachidule akufunsa kuti: vuto linali chiyani, mudatani, mudapeza chiyani, ndiye titani nazo? Kalembedwe kogawa chonchi sikakale kwenikweni. Kadafala kuyambira mu 1987, pomwe gulu la akatswiri lidalemba m'magazini ya zachipatala ya Annals of Internal Medicine kuti zidule zizikhala ndi timitu, madokotala otanganidwa azipeza msanga chomwe akufuna.

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Chitsanzochi ndi chongopeka, manambala akenso ndi ongoyerekezera, koma mtundu wa kafukufukuyo ndi womwe anamwino ndi azamba athu amachita kawirikawiri.

Tinene kuti mzamba wa pachipatala china chaboma amagwira ntchito kuwodi ya kangaru, kumene ana obadwa ndi sikelo yochepera magalamu 2,500 amakhala pachifuwa pa mayi wawo, khungu kukhudzana ndi khungu. Njirayi idayambira ku Bogota m'dziko la Colombia kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero ili m'zipatala zathu zambiri. Mwana akatulutsidwa m'wodimo, mayi amauzidwa tsiku lobwera naye kuti adzamuyezenso. Mzambayu adaona kuti ena sabwera. Adatenga chilolezo, adatsegula rejisitala ndi mafayilo a chaka chonse, n'kuwerenga: atulutsidwa angati, abwerera angati, amakhala kutali bwanji.

Chidule chake choyamba chidayamba chonchi (amalemba m'Chingerezi, koma tanthauzo lake ndi ili): "Kubadwa masiku asanakwane ndi vuto lalikulu padziko lonse lapansi, makamaka m'maiko osauka. Ana ambiri amamwalira chaka chilichonse. Njira ya kangaru ndi yothandiza kwambiri." Adapitiriza motero mpaka mawu zana. Pofika pa zotsatira, malo anali atatha, choncho adangoti: "Amayi ambiri adabwerera, koma ena sadabwerere pa zifukwa zosiyanasiyana. Zotsatira zonse zidzakambidwa pamsonkhano."

Palibe bodza m'menemo. Koma wowunika uja akafika pamapeto, sadziwa chilichonse chomwe sankachidziwa asanayambe. Zoti kangaru ndi yothandiza amaphunzitsa yekha. Chomwe sadziwa ndi chomwe chili m'rejisitala ya mzambayu, ndipo n'chomwecho chomwe chasiyidwa. Chiganizo choti "zotsatira zidzakambidwa" ndiye chimapha zidule zambiri kuposa china chilichonse, chifukwa wowunika amachimva ngati kuvomereza kuti kafukufukuyo sadathe.

Yambani ndi zotsatira

Ngakhale bokosi la zotsatira lili lachitatu pafomu, ndi lomwe liyenera kulembedwa poyamba. Tsekani chikalata chachikulu chija, mudzifunse kuti: mnzanga atandifunsa pa tiyi kuti ndidapeza chiyani, ndingamuuze zinthu ziwiri kapena zitatu ziti? Zimenezo, pamodzi ndi manambala ake, ndiwo mtima wa chidule. Magawo enawo amalembedwa kuti atumikire zomwezo.

Kwa mzamba wathu zinthuzo ndi ziwiri. Choyamba, mwa amayi 180, omwe adabwerera pa tsiku loyamba lokayezetsa mwana anali 112, kutanthauza 62 pa 100 aliwonse. Chachiwiri, mwa amayi 96 okhala pamtunda wosaposa makilomita 10 kuchokera kuchipatala, adabwerera ndi 74, pomwe mwa amayi 84 okhala kutali kuposa apo adabwerera ndi 38 okha. Uku ndi kusiyana kwa 77 ndi 45 pa 100 aliwonse.

Onani kuti peresenti iliyonse ikuyenda ndi nambala yomwe yachokera. Kulemba "62 peresenti" pokha sikukwanira, chifukwa wowerenga sadziwa ngati ndi 62 peresenti ya anthu 13 kapena ya anthu 1,300, ndipo kulemera kwa ziwirizi sikufanana. Wowunika wozolowera amawonkhetsanso manambala mumtima mwake: 74 ndi 38 ndi 112, 96 ndi 84 ndi 180. Zikapanda kukwanirana, chikhulupiriro chake pa chidule chonse chimagwa, ngakhale cholakwikacho chikhale cha chala chabe potaipa. Vutoli silili kwa oyamba kumene okha. Mu 1999 magazini ya JAMA idasindikiza kafukufuku wa Roy Pitkin ndi anzake, omwe adayerekeza zidule ndi nkhani zake zonse m'magazini akuluakulu asanu ndi limodzi a zachipatala. Adapeza kuti zidule zokhala ndi manambala osagwirizana ndi a m'nkhani, kapena osapezeka n'komwe m'nkhanimo, zinali pakati pa 18 ndi 68 pa 100 zilizonse, malingana ndi magazini. Choncho nambala iliyonse ya m'chidule muiloze ndi chala patebulo lomwe yachokera musanatumize.

Pali manambala ena awiri omwe owunika amayembekezera, ndipo ambiri amawaopa popanda chifukwa. Loyamba limalembedwa kuti 95% CI. Mzamba wathu adawerenga amayi 180 okha, osati amayi onse omwe adzadutse m'wodimo, choncho 62 uja ndi woyerekezera. CI imanena kukula kwa chikaiko chake: apa ndi kuyambira 55 mpaka 69. Anthu akakhala ochepa malirewo amatalikirana, akachuluka amayandikana. Lachiwiri ndi p. Polemba kuti p<0.001 pa kusiyana kwa amayi apafupi ndi akutali, akunena kuti zikadakhala kuti magulu awiriwa sasiyana konse, kusiyana kwakukulu chonchi sikukadaoneka mwamwayi kawirikawiri. Koma p sanena kukula kwa kusiyanako. Pali zidule zomwe zimangoti "mtunda unali wofunika, p<0.05" osanena kuti mbali iti inali pamwamba ndipo ndi zingati. Ine ndikadasankha 77 ndi 45 popanda p, kusiyana ndi p popanda 77 ndi 45. Chabwino kwambiri n'kuika zonse m'chiganizo chimodzi.

Bwanji ngati simudapeze kusiyana kulikonse? Lembani zomwezo, ndi manambala ake. Kafukufuku woonetsa kuti maphunziro a amayi sadasinthe kabweredwe kawo wayankha funso, ndipo woyang'anira wodi angasunge ndalama zomwe akadaonongera pa chinthu chosathandiza. Choopsa ndi kusiya funso lomwe mudayamba nalo n'kuthamangira kachinthu kena kammbali chifukwa choti kokhako ndiko kali ndi p wokongola.

Kwa amene adachita kafukufuku wocheza ndi anthu, osati wowerenga manambala, lamulo lake ndi lomwelo m'maonekedwe ena. Kulemba kuti "padatuluka mitu inayi" kuli ngati kuuza munthu kuti mwabwera ndi katundu kumsika koma osamasula thumba. Tchulani mituyo, ndipo mutu uliwonse unene kanthu. "Mayendedwe" si chotsatira. "Amayi ankadikira kuti amuna awo apeze ndalama ya kabaza, tsiku loikidwa n'kudutsa" ndiye chotsatira. Nenaninso kuti mudacheza ndi anthu angati, anali ndani, ndipo mudasanthula bwanji zomwe adanena.

Mudatani kwenikweni

Zotsatira zikakhazikika, gawo la njira limalembeka mosavuta, chifukwa ntchito yake ndi kuyankha mafunso omwe manambala aja adzutsa. Amayi 180 adachokera kuti? Adasankhidwa bwanji? "Kubwerera" kukutanthauza chiyani?

Chiganizo choyamba chitchule mtundu wa kafukufuku, malo ndi nthawi: tidaunika mafayilo akale a ana onse otulutsidwa kuwodi ya kangaru pachipatala chaboma china kuyambira Januwale mpaka Disembala chaka chakuti. Mawu oti "mafayilo akale" ndi ofunika, chifukwa akuuza wowunika kuti mzambayu sadalankhule ndi amayiwo, choncho sangadziwe zifukwa zawo.

Kenaka pali nambala yomwe olemba ambiri amaibisa. Ana otulutsidwa chaka chimenecho anali 203, koma mafayilo 23 analibe dzina la mudzi, ndiye sakadatheka kuyeza mtunda. Mzambayu akangolemba 180, wowerenga aganiza kuti ndi onse. Mawu ochepa okha akwanira: "mwa mafayilo 203, 23 adasiyidwa chifukwa chosowa malo okhala". Aliyense amene adagwirapo rejisitala ya m'wodi amadziwa kuti mipata imakhalamo, makamaka pa masiku omwe namwino anali yekha usiku wonse. Chidule chomwe chikuonetsa ngati palibe fayilo yomwe idasowa ndicho chimakaikitsa.

Tanthauzo la chomwe mukuyeza lisasiyidwe. Kodi mayi amene adabwera patadutsa masiku atatu kuchokera pa tsiku lake akuwerengedwa kuti adabwerera? Mzamba wathu adaika malire oti mkati mwa masiku asanu ndi awiri chitulukireni, ndipo izi ziyenera kuoneka m'chidule. Dzina la pulogalamu ya pakompyuta, kaya SPSS kaya Stata, lingasiyidwe malo akachepa. Chofunika kwambiri ndi kutchula muyeso womwe mudagwiritsa ntchito poyerekeza magulu awiri aja.

Za chilolezo: ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amavomerezedwa ndi makomiti monga COMREC kapena National Health Sciences Research Committee. Misonkhano ina imafuna kuti mutchule komiti ndi nambala ya chilolezo m'chidule momwemo, ina ili ndi bokosi lake lapadera. Ngakhale kuwerenga mafayilo akale kumafunika chilolezo. Ndipo m'chidule musalowe chilichonse chomwe chingachititse kuti wodwala azindikirike, monga dzina la mudzi waung'ono pamodzi ndi zaka za mayi.

Tsopano mungabwerere kubokosi loyamba. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zakwana. Chimodzi chinene chomwe chikudziwika: ana otulutsidwa kuwodi ya kangaru amakhala akadali ochepa thupi ndipo amafunika kuyezedwanso. Chachiwiri chinene mpata: pachipatala pano sizinkadziwika kuti ndi angati amabwerera. Chachitatu chinene cholinga: kupeza chiwerengero cha obwerera ndi kuona ngati chikusiyana malingana ndi mtunda. Cholingacho chifanane ndendende ndi zotsatira. Ngati cholinga chikulonjeza "kufufuza zifukwa zomwe amayi sabwerera" pomwe zotsatira zikungonena za mtunda, wowunika alemba kuti kafukufuku sadayankhe funso lake. Pa mawu 250, ine ndimalangiza kuti gawoli lisapose 40, njira itenge pafupifupi 70, zotsatira 100, ndipo otsalawo apite kumapeto.

Pomwe anthu amadumpha mpanda

Gawo lomaliza ndi lalifupi, koma ndi lomwe lili ndi mayesero aakulu. Mzamba wathu wagwira ntchito m'wodimo zaka zambiri, ndipo mumtima mwake akudziwa kuti mtunda ndi umene ukulepheretsa amayi. Ndiye amalemba kuti: "Kutalika kwa mtunda kumachititsa amayi kuthawa chithandizo. Boma limange zipatala zambiri ndi kulemba anamwino ambiri."

Tiyang'ane zomwe rejisitala ingathe kunena. Ikuonetsa kuti amayi 68 sadaonekenso pachipatala chimenechi mkati mwa sabata. Siyikunena komwe adapita. Mayi wa kutali mwina adapita kuchipatala chaching'ono cha kwawo, monga momwe ena amalangizidwira, mwana n'kuyezedwa bwinobwino. Mwina adabwera koma sadalembedwe. Mwinanso mwanayo adamwalira kunyumba, ndipo kulemba mayi wotereyo kuti "adathawa" ndi kumulakwira. Komanso amayi akutali akhoza kusiyana ndi apafupi pa zinthu zina, monga ndalama kapena kukhala ndi wowaperekeza, ndipo mwina zimenezo ndi zomwe zikugwira ntchito. Kafukufuku wa mafayilo angaonetse kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, koma sangatsimikize kuti china chikuchititsa chinzake. Nanga za kuchepa kwa anamwino, ngakhale zili zoona, kafukufukuyu sadaziyeze.

Mawu omaliza oyenera angakhale otere: "Pafupifupi amayi anayi mwa khumi aliwonse sadabwerere kuchipatalachi mkati mwa sabata, ndipo osabwererawo adachuluka pakati pa okhala kutali kuposa makilomita 10. Mafayilo sakuonetsa ngati adapita kuzipatala zina. Tikulangiza kuti potulutsa mwana wa kutali, wodi izidziwitsa chipatala chaching'ono cha kwawo ndi kulemba nambala ya foni yomulondolera." Langizoli ndi laling'ono, koma sisitala woyang'anira wodi angaliyambe Lolemba likubwerali osadikira bajeti ya unduna. Ndipo kuvomereza malire a kafukufuku m'chiganizo chimodzi kumakweza malikisi, chifukwa wowunika anali atawaona kale malirewo, amangofuna kudziwa ngati inunso mudawaona.

Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa china. Akatswiri a bungwe la Cochrane, mu 2018, adaphatikiza mazana a kafukufuku wolondola zidule za m'misonkhano, ndipo adapeza kuti zosakwana theka ndi zomwe pambuyo pake zimasindikizidwa ngati nkhani zathunthu. Kwa ambiri, ndiye kuti, mawu 250 aja ndiwo okha omwe dziko lidzawerenge za kafukufuku wawo. Wophunzira wina adzawapeza m'buku la msonkhano patapita zaka n'kuwakhulupirira momwe alili.

Mutu ulembedwe pomaliza. Unene chomwe chidayezedwa, mwa ndani, kuti, ndi mtundu wa kafukufuku: "Kubwerera kwa amayi kudzayezetsa ana atatulutsidwa kuwodi ya kangaru pachipatala chaboma ku Malawi: kuunika mafayilo a chaka chimodzi". Si wokometsera, koma munthu woyang'ana mndandanda wa msonkhano adziwa ngati alowe m'chipinda chanu kapena ayi. Zidule za mawu zikhale zochepa, ndipo chilichonse chilembedwe mokwanira koyamba. Zomwe mumafupikitsa kuwodi kwanu, namwino wa ku Finland kapena ku Ghana sazidziwa.

Za Chingerezi, poti ambiri chimawadetsa nkhawa: wowunika safuna mawu akuluakulu. Ziganizo zifupizifupi, zonena zomwe zidachitika kale, ndi zokwanira. Njira yabwino yoyesera ndi kupatsa chidule namwino wa wodi ina, amene sadziwa kafukufuku wanu, awerenge kamodzi, mumulande pepala, n'kumupempha akuuzeni m'Chichewa zomwe mudapeza. Akanena kuti "amayi akutali sabwerera kwambiri, pafupifupi theka lokha", chidule chagwira. Akayamba ndi "ndi nkhani ya ana obadwa osakwana masiku basi", bwererani ku zotsatira.

Tsiku lotumiza

Malamulo a msonkhano uliwonse amasiyana, ndipo amawerengedwa musanayambe kulemba, osati mutamaliza. Ena amawerengera mutu m'malire a mawu, ena ayi. Ena amawerenga zilembo m'malo mwa mawu, kuphatikizapo mipata. Ambiri salola matebulo kapena mndandanda wa mabuku. Ena amakana kafukufuku yemwe adasindikizidwa kale. Ngati mayina amabisidwa, musalembe dzina lanu kapena la sukulu yanu m'kati mwa chidule. Onse omwe mwawaika ngati olemba anzanu, kuphatikizapo mphunzitsi amene adakuyang'anirani, awone chidulecho ndi kuvomereza chisanapite.

Lembani kaye pakompyuta yanu, kenaka mukopere m'mabokosi a fomu, ndipo muwerengenso zomwe zalowa. Zizindikiro monga ≥, < ndi ± nthawi zina zimasanduka timabokosi kapena kusoweratu, ndipo p<0.001 wopanda chizindikiro chake sanena kanthu. Onaninso kuti nthawi yotsekera ili pa wotchi ya dziko liti. Geneva imafanana ndi Malawi m'miyezi yotentha ya ku Ulaya, koma m'miyezi yawo yozizira imatsalira ndi ola limodzi. Ndi momwe magetsi ndi netiweki zimachitira, kutumiza kutatsala masiku awiri n'kwanzeru.

Pali misonkhano ina yomwe cholinga chake ndi ndalama zokha. Imatumiza maimelo oyamikira munthu yemwe simukudziwana, imasakaniza unamwino ndi uinjiniya ndi zamalonda pamsonkhano umodzi, ndipo imavomereza chidule mawa lake n'kupempha malipiro. Msonkhano weniweni umatenga masabata kuti uyankhe, umakonzedwa ndi sukulu kapena bungwe lomwe aphunzitsi anu akulidziwa, ndipo nthawi zina umakana. Ena pokana amatumiza ndemanga za owunika. Kwa mzamba wathu ndemanga yotero ingakhale funso loti, "Kodi amayi 68 aja mudawalondola?" Yankho lake pakadali pano ndi ayi, ndipo mafayilo omwe ali ndi nambala za foni akadali mukabati ya kuwodi, kungofunika chilolezo chatsopano cha komiti kuti ayambe kuimba.